Kalata ya Jenala ndi Mabelo Khumi ndi Anayi

Kalata ya Jenala inayenda masabata atatu kuchokera ku India, n'kudzagonanso masiku anayi m'bokosi la ku positi ofesi pa boma la Kasungu, poti galimoto ya pa esiteti inalibe dizilo. Anakaitenga ndi a Rabson, bambo ake a Jenala, tsiku lomwe anapalasa njinga kuchoka ku Chulu kukagula ulusi wosokera mabelo. A Rabson sankadziwa kuwerenga, koma zilembo za mwana wawo ankazizindikira. Anaipisa m'thumba la malaya, ndipo atafika anagwada pakhonde n'kuipereka ndi manja awiri kwa Mayi Faustina Mwavi.

"Yachokera kwa mwana uja, mayi. Kaya akuti bwanji."

Mayi Faustina anayang'ana envelopuyo. Inalembedwa dzina la amuna awo, a Hector Mwavi.

A Hector anali mphunzitsi wamkulu yemwe atapuma pa ntchito anatsegula esiteti yaing'ono ya fodya wa bale. Inali ndi mabanja anayi a matenanti, ndipo banja la a Rabson, ochokera ku Phalombe, ndi lomwe linakhalitsa kuposa onse. Ndi a Hector amene anaona kuti kamtsikana ka a Rabson, kosoka fodya m'chigafa, kankawerengera mindindi ya fodyayo mumtima mofulumira kuposa kalaliki. Anakalipirira sukulu ya sekondale ku Nkhamenya. Katakhoza bwino koma osasankhidwira ku yunivesite, fodya anali atagulidwa mokoma zaka ziwiri zotsatizana, ndipo a Hector anamutumiza Jenala ku India kukaphunzira za mankhwala. Anasaina pepala lolonjeza kuti azilipira fizi chaka chilichonse, komanso kutumiza madola mazana awiri mwezi ndi mwezi, a lendi ndi chakudya. Kwa zaka ziwiri sanaphonyeko mwezi ndi umodzi womwe.

Kenako mu Meyi anagwa pafupi ndi jeke yodindira fodya akuyang'anira anthu odinda mabelo. Anadzuka dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, kamwa itakhotera mbali imodzi. Kumva ankamva zonse, koma mawu ankathera pakhosi.

Mayi Faustina anakokera mpando pafupi ndi amuna awo, amene anali atawakhazika pakhonde pomwepo, n'kung'amba envelopu. A Rabson anakhala pansi pa masitepe, chipewa chili pabondo.

"Okondedwa Bambo," anayamba kuwerenga mokweza. "Ndikhulupirira kuti mukupezako bwino. Ndinamva kwa achimwene a Levi kuti munadwala, ndipo ndimakupemphererani. Ndachita manyazi kulemba kalata ino, chifukwa zomwe mwandichitira n'zambiri kale. Koma ndalama ya Julayi ndi ya Ogasiti sinafike, ndipo lero ndi pa 2 Sepitembala. Ndatumiza mauthenga asanu ndi limodzi pa foni yanu, sindinayankhidwe. Ndikudziwa kuti kumudziko ndalama zakunja zikuvuta, choncho sindikudandaula ayi, ndikungofuna mudziwe mmene zilili.

"Eni nyumba andipatsa mpaka pa 30 mwezi uno. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chitha pa 15 Okutobala, ndipo pokachiwonjezera amafuna kalata ya kusukulu ndi umboni wa pomwe ndikukhala. Eni nyumba akuti sasaina kanthu ndisanalipire. Ntchito sindingagwire, chifukwa chilolezo cha mwana wasukulu sichilola. Ndinagulitsa jekete ndi mabuku a chaka chatha. Masana ndimakadya ku kachisi wina kumene amapereka chakudya kwa aliyense wobwera, ndipo madzulo ndimamwa tiyi. Mayeso a teremu yatha ndinakhoza onse. Ngati simungathe yonse, ngakhale ya mwezi umodzi ingandigwirizize. Ngati simungathenso n'komwe, chonde ndiuzeni poyera kuti ndidziwe chochita. Musawauze bambo anga za chakudyazi. Ine mwana wanu, Jenala."

Mayi Faustina anazindikira mochedwa kuti mzere womalizawo sanayenera kuuwerenga mokweza. A Rabson anangoti zyoli, akupotokola chipewa chawo. A Hector anayamba kumenya dzanja lamanzere pa mpando, akutulutsa mawu osamveka, malovu akutsikira pachibwano. Tsikulo linali la 27 Sepitembala.

Levi, mwana wawo woyamba, yemwe ankayendetsa esiteti chidwalireni bambo ake, anamupeza ku dambo akuyang'anira kuthirira nazale.

"Foni ya bambo ako ili ndi iwe. Mauthenga a Jenala unawaona?"

"Ndinawaona, amayi."

"Ndiye osandiuza?"

"Ndikanakuuzani kuti mutani? Fomu ndinakasiya kubanki mu Juni. Madola kulibe. Ine ndilibe makina opangira madola."

"Ukanamuyankha basi. Mwana wa eni ake ali kutali."

Levi anaponya pansi kheni yomwe inali m'manja mwake. "Kuno ana a matenanti akudya kamodzi patsiku, ndipo palibe amene akulemba kalata. Fodya wathu wagulidwa pa masenti makumi asanu ndi limodzi pa kilo. Mabelo khumi ndi anayi awabweza kawiri ku okoshoni, ali m'shedimo akudyedwa ndi chinyezi. Abambo analonjeza nthawi ya zokoma. Nthawi imeneyo inapita."

Mayi Faustina ankadziwa kuti mwanayo sakunama. Komabe m'mawa mwake anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anatenga kalata ija ndi mapepala onse a Jenala, n'kukwera matola wa pa boma, yemwe mtengo wake unali utakwera kawiri chifukwa cha kusowa kwa mafuta.

Kubanki anaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Mtsikana wa pa desiki ya ndalama zakunja anawalandira mwaulemu, anatsegula kabati n'kutulutsa fomu yawo pakati pa mulu wa mafomu ena. Zonse zinalipo: kalata ya kusukulu, chithunzi cha pasipoti, pepala lomwe a Hector anasaina.

"Palibe cholakwika pa fomu yanuyi, mayi. Koma ili pa mzere. Madola akabwera amayamba apita ku mafuta, ku mankhwala ndi ku feteleza wa makuponi. Zikatsalako timayamba ndi fizi yomwe ili ndi invoisi ya kusukulu. Ndalama yodyera imabwera pambuyo."

"Nanga fodya wathu sagulidwa m'madola?"

"Amagulidwa m'madola, koma kwa inu amafika ali makwacha. Ndi mmene zilili chaka chino."

"Ndiye ndidikire mpaka liti?"

"Ndikanena tsiku ndikunamizani." Mtsikanayo anayang'ana pa kompyuta, kenako anatsitsa mawu. "Komanso mayi, ngakhale madola atabwera mawa, mu akaunti muno mwatsala K31,000. Miyezi itatu ikufunika pafupifupi K100,000."

Mayi Faustina anaimbira Levi ali pakhomo pa banki pomwepo. Levi sanabise. Anati anatapa ndalamazo mu Ogasiti n'kugula chimanga cha phoso la matenanti ndi feteleza wa ku nazale. Matenanti sankalembedwa nawo m'kaundula wa makuponi poti sanali a m'midzi ya kumeneko, ndipo esiteti inkagula thumba lililonse pa mtengo wake wonse.

"Mukanakonda ndalama zizingogona kubanki anthu akufa ndi njala?" anafunsa Levi, n'kudula foni.

Mayi wina yemwe anaima nawo pa mzere, amenenso anali ndi mwana kunja, ndi amene anawalozera kwa Watson. Watson anali ndi kashopu ka zitsulo za njinga zamoto kuseri kwa msika, koma aliyense ankadziwa kuti malonda ake enieni anali a kumalire. Anawapatsa mpando, anamvetsera nkhani yonse akutokosa m'mano.

"Ku Lundazi kutumiza ndalama sikuvuta, mayi. Lero kutumiza, mawa mwana walandira. Koma dola yanga ndi K280, osati K165 ya kubanki. Ndi K31,000 yanuyo mupeza madola zana limodzi ndi kakhumi, ndisanachotsepo yanga."

"Sizikwana ngakhale mwezi umodzi."

"Fodya muli naye?"

"Mabelo khumi ndi anayi. Obwezedwa."

Watson anasiya kutokosa m'mano. Anati ku Zambia kuli ogula omwe safunsa zambiri, ndipo amalipira pompopompo, kuposa dola imodzi pa kilo. Mabelowo akangodutsa malire, iye adzawalandira tsidya linalo, adzagulitsa, adzatumiza madola mazana asanu ndi limodzi kwa Jenala, ndipo zotsala adzabwera nazo. Koma kudutsitsa fodyayo inali ntchito ya eni ake.

"Ndi mlandu umenewo," anatero Mayi Faustina.

"Ndi mlandu, inde. Sindikukukakamizani."

Ulendo wonse wobwerera, atapanikizika pakati pa matumba kumbuyo kwa matola, ankangoganiza za mabelowo. Sanali awo okha. Pa esiteti tenanti amalima chaka chonse akudya phoso la ngongole, ndipo amalandira zake fodya akagulitsidwa. Mabanja anayi aja anali asanalandire kalikonse, ndipo chiyembekezo chawo chonse chinali pa mabelo omwewo. Anadziuza kuti ku Zambia fodyayo akagulidwa bwino kuposa ku okoshoni, kuti matenanti apindula nawo. Zinali zoona ndithu. Koma ankadziwanso kuti akawafunsa, ena akana, choncho anaganiza zosawafunsa.

Anauza a Rabson okha, kuseri kwa shedi.

"Ndipita ndine, mayi," anatero a Rabson asanamalize n'komwe kufotokoza.

"Bambo a Jenala, mukagwidwa ine sindidzatha kukuwombolani."

"Mwana wanga akudya kwa anthu osawadziwa ngati wamasiye. Ine ndili moyo. Njira za kumalire ndinayendamo kale ndi anzanga a ku Chisemphere. Mundipatse ngolo ndi ng'ombe, ina ndibwereka."

Levi atamva anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, kenako anakwera njinga n'kupita kwa apongozi ake, kuti asadzaone nawo. Madzulo a tsikulo Mayi Faustina anawafotokozera amuna awo zonse akuwadyetsa phala. A Hector anawayang'ana nthawi yaitali. Sanagwedeze mutu kuvomera kapena kukana. Anangotseka pakamwa, phala osalifunanso.

Ngolo ziwiri zinanyamuka Loweruka. Lolemba masana mwini ngolo yobwereka uja anafika wapansi, miyendo ili yotupa, zovala zitang'ambika ndi minga. Anati apolisi olondera malire anawapeza atatsala pang'ono kuwoloka. Iye anathawira m'tchire. A Rabson akanatha kuthawa nawo, koma anakana kusiya ng'ombe za abwana. Fodya, ngolo ndi ng'ombe zonse zinali m'manja mwa boma.

Pofika madzulo mabanja atatu aja anali atakhala pabwalo la nyumba, amuna, akazi ndi ana omwe. Sanachite phokoso. Amene analankhula anali a Fainala, mayi wamasiye yemwe ankalima ndi ana ake awiri.

"Mayi, ife tamva kuti fodya wathu wapita kukaphunzitsa mwana wa a Rabson. Sitikudana naye mwanayo, tinamulera tonse. Koma wanga uyu wasiya sukulu chifukwa cha yunifolomu. Inu munatifunsa?"

"Sindinakufunseni."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinkadziwa kuti mukana."

A Fainala anawomba m'manja kamodzi, mwa kudabwa, n'kuyang'ana anzawo. "Ndiye ife tikhala pompano mpaka mutipatse zathu. Tikufuna tizipita kwathu mvula isanagwe."

Anakhaladi. Ankapita kukaphika kumakomo kwawo n'kubwereranso pabwalopo. Levi anabwerako tsiku lachitatu, ndipo sanawanene amayi ake kanthu. Anapita pa boma kukafuna wogula galimoto. Inali pikapu yakale, ndipo nthawi imeneyo, mafuta kulibe, panalibe amene ankaifuna. Wogula yekhayo anapereka K260,000. Levi anakhala pakhonde ndi buku la matenanti, anachotsera aliyense phoso ndi feteleza monga mwa nthawi zonse, n'kugawa K180,000 kwa mabanja atatuwo. Zinali zochepa kuposa zomwe anayenera kulandira. A Fainala anawerenga zawo kawiri, anazimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo sanatsanzike. Pasanathe sabata nyumba zitatu za matenanti zinali zopanda anthu, ndipo theka la nazale linauma posowa wothirira.

Mlandu wa a Rabson sunachedwe, poti anavomera. Sanatchule dzina la Mayi Faustina kapena la Watson. Anati fodyayo anamutenga okha. Khoti linalanda fodya ndi ngolo, linalola kuti ng'ombe zibwerere kwa eni ake, ndipo linagamula kuti a Rabson alipire K100,000 kapena akakhale kundende miyezi isanu ndi inayi.

Mayi Faustina anali ndi K111,000 m'chikwama, zotsala za galimoto ndi za kubanki zija. Anapempha wapolisi kuti alankhule nawo a Rabson asanawakweze galimoto, ndipo anawapeza atakhala pansi kuseri kwa khoti, opanda nsapato.

"Ndalama ya faindi ndili nayo, bambo a Jenala. Ndikukalipira tsopano lino."

"Mukalipira, kwa mwana kupita zingati?"

"Palibe."

"Lero ndi pa chiyani?"

"Pa 11."

A Rabson anawerenga ndi zala. "Atsala masiku anayi. Tumizani kwa mwana, mayi."

"Munalowa m'mavutowa chifukwa cha ine. Munandibisanso m'khotimo."

"Ndinalowa chifukwa cha mwana wanga. Kundende amapereka chakudya. Miyezi isanu ndi inayi ndi dzinja limodzi basi, ndalimapo madzinja angati pa esiteti paja osatuluka ndi kanthu?" Anazindikira zomwe ananena, n'kuwerama. "Pepani, mayi. Sindimanena inu."

"Mwanena zoona."

"Koma musamuuze. Mumuuze kuti ndili kumunda."

Mayi Faustina anayenda wapansi mpaka kuseri kwa msika. Watson anawerenga ndalamazo mosathamanga, anachotsapo yake, n'kunena kuti zikhala madola mazana atatu ndi makumi asanu ndi awiri. Za mabelo aja sanazitchule n'komwe. Patapita masiku awiri anatumiza nambala yolandirira ndalama, ndipo Levi anaitumiza kwa Jenala.

Yankho linabwera pa foni madzulo a tsiku lotsatira. Jenala anathokoza kwambiri. Anati chipinda chija anamutulutsamo pa 30, katundu wake wina anatsala komweko ngati chikole, ndipo ankagona pansi m'chipinda cha mnzake wa ku Kenya. Ndalamazo zinakwana kubweza lendi yakale kuti eni nyumba asaine, ndipo mapepala a chilolezo anakawapereka litatsala tsiku limodzi. Anafunsa ngati ya Okutobala ibwera pa nthawi yake. Anafunsanso chifukwa chomwe bambo ake sanabwere pa foni kudzamupatsa moni monga ankachitira.

Mayi Faustina anasunga funsolo masabata atatu. Mvula yoyamba inagwa, anthu a m'midzi ankagona pa mizere ya feteleza ndi makuponi awo, ndipo pa esiteti anawoka fodya ekala imodzi yokha, Levi ndi amake Jenala ndi aganyu awiri. Ng'ombe zija zinagulitsidwa kuti alipire mwini ngolo yobwereka ndi kugula chimanga. Fizi ya chaka chachitatu inali italipiridwa theka, ndipo theka linalo linkafunika mu Januwale. Panalibenso choti n'kugulitsa kupatula malo.

Lamulungu lina atachoka kutchalitchi anakhala patebulo ndi pepala. A Rabson anawapempha kuti abise, koma mwanayo anali atapempha kuti amuuze poyera, ndipo Mayi Faustina anaona kuti zobisa zawawonongera zambiri kale. Analemba zonse: za banki, za mabelo, za matenanti, za khoti, ndi zomwe bambo ake anasankha. Analemba kuti ndalama ya mwezi ndi mwezi yatha, ndipo fizi ya Januwale sipezeka. Sanapemphe kuti awakhululukire, chifukwa anaona ngati kutero n'kumusenzetsanso mwanayo katundu wina. Atamaliza anawawerengera amuna awo. A Hector analoza cholembera ndi dzanja lamanzere, ndipo pansi pa dzina la akazi awo anakhwatchapo mzere wokhotakhota.

Jenala sanayankhe. Mu Disembala Mayi Faustina anamva kwa amake kuti anayesa kupempha thandizo kusukulu ndi ku mabungwe awiri, koma anauzidwa kuti thandizo limaperekedwa kwa oyamba kumene. Mu Febuluwale anzake a kutchalitchi cha kumeneko anasonkha ndalama ya tikiti. Sukulu inakana kumupatsa pepala la zotsatira zake mpaka ngongole ya fizi idzathe.

Anafika ku Chulu masana ena mvula ikuwaza, atakwera kabaza, ali ndi chikwama chimodzi. Mayi Faustina anamuona akutsika ndipo poyamba sanamuzindikire, poti anali ataonda kwambiri, tsitsi atameta. Jenala anayamba wapita kwa amake. Patapita ola limodzi anabwera kunyumba yaikulu, anavula nsapato pa masitepe, n'kugwada patsogolo pa a Hector.

"Ndabwera, Bambo."

A Hector anamugwira pamutu ndi dzanja lawo lamoyo lija. Anayesa kulankhula, koma inangotuluka misozi. Jenala anakhala chogwada mpaka dzanjalo linatsika lokha. Kenako anaona timabotolo ta mankhwala pa tebulo la pambali, ndipo anatitenga n'kuwerenga kamodzikamodzi.

"Awa a kuthamanga kwa magazi anatha mphamvu mu Novembala. Munagula kuti?"

"Pa golosale. Kuchipatala kunalibe," anayankha Mayi Faustina.

"Musawapatsenso. Ndikafunsa ena pa boma mawa." Anabweza botololo patebulo. Nkhope yake sinaonetse mkwiyo, komanso sanawayang'ane Mayi Faustina m'maso. "Amayi akuti kundende amalola kuona anthu mpaka 3 koloko."

"Amalola. Ndimapitako Lachisanu lililonse."

"Akudziwa kuti ndabwera?"

"Ayi. Sindinawauze kuti ndinakulembera. Akuganiza kuti ukadali kusukulu."

Jenala anayang'ana zigafa zopanda fodya kuseri kwa bwalo.

"Ndikawauza ndekha," anatero. "Mundibwereke njinga."

"Tipitire limodzi, mwanawe. Ndine ndinalakwa, ndiyenera kukhalapo."

"Ayi, mayi. Ndipita ndekha."

M'mawa mwake Mayi Faustina anaphika nkhuku, anaika m'kontena pamodzi ndi sopo ndi kapaketi ka shuga, n'kumangirira okha pa kaliyala ya njinga. Jenala analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kupalasa kulowera njira ya pa boma. Mayi Faustina anaima pabwalo mpaka anabisika m'chimanga cha anthu a m'mudzi, kenako analowa m'nyumba kukawatembenuza amuna awo, poti nthawi inali itakwana.